RSI ikadutsa 70: momwe nambalayi imapezekera ndi zomwe ikunena za mtengo

Aliyense amene anatsegulapo tchati cha mitengo ya masheya, golide kapena ndalama zakunja anaonapo kamzere kamene kamayenda pansi pa tchaticho pakati pa 0 ndi 100, kolembedwa RSI 14. Kamzereka kakakwera kudutsa 70, mapulogalamu ambiri amalemba kuti overbought, kutanthauza kuti chinthucho chagulidwa mopyola muyeso, ndipo ophunzitsa ambiri amangoti nthawi yogulitsa yakwana. Anthu ataya ndalama zambiri chifukwa chomva choncho. Njira yabwino yodzitetezera ndi kuiwerengera yekha nambalayi kamodzi, ndi pensulo kapena mu Excel, chifukwa ukaona zomwe zimalowamo umadziwiratu zomwe singathe kukuuza.

RSI, kutanthauza Relative Strength Index, inatulutsidwa ndi J. Welles Wilder Jr., injiniya wa ku America amene analowa malonda a katundu monga mbewu ndi zitsulo. Anaifotokoza mu 1978 m'buku lake la New Concepts in Technical Trading Systems. Nthawi imeneyo anthu ankawerengera pamanja tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake njira yake ndi yosavuta ndipo imafuna chinthu chimodzi chokha: mitengo yotsekera, kutanthauza mtengo womaliza wa tsiku lililonse la malonda. Mtengo wotsegulira, wapamwamba kwambiri ndi wotsikitsitsa wa tsikulo salowamo. Kuchuluka kwa masheya omwe agulitsidwa sikulowamonso. Ndipo ngakhale dzina lake likumveka ngati ikuyerekeza sheya ina ndi inzake, RSI imayerekeza masiku okwera ndi masiku otsika a chinthu chimodzi chomwecho.

Tiyeni titenge mitengo yongopeka kuti masamu aoneke bwino. Kuti mupeze RSI ya masiku 14 mufunika mitengo 15, chifukwa chomwe tikuwerengera ndi kusintha kwa mtengo pakati pa tsiku ndi linzake, ndipo tsiku loyamba lilibe dzulo lake.

```
100 102 101 104 105 103 106 108
108 107 110 112 109 111 114
```

Chotsani mtengo wa dzulo pa mtengo wa lero, tsiku lililonse. Mupeza +2, -1, +3, +1, -2, +3, +2, 0, -1, +3, +2, -3, +2, +3. Tsopano gawani manambalawa m'magulu awiri. Gulu la kukwera lili ndi 2, 3, 1, 3, 2, 3, 2, 2 ndi 3, zomwe pamodzi ndi 21. Gulu la kutsika lili ndi 1, 2, 1 ndi 3, pamodzi 7, ndipo timazilemba popanda chizindikiro cha kuchotsera. Tsiku lomwe mtengo wakwera limalembedwa 0 ku gulu la kutsika, tsiku lomwe watsika limalembedwa 0 ku gulu la kukwera, ndipo tsiku lomwe mtengo unakhala pa 108 osasuntha limalembedwa 0 konsekonse.

Magulu onse awiri amagawidwa ndi 14. Avareji ya kukwera ndi 21 kugawa ndi 14, yomwe ndi 1.5. Avareji ya kutsika ndi 7 kugawa ndi 14, yomwe ndi 0.5. Kenako pamabwera fomyula ya Wilder:

```
RS  = AvgGain / AvgLoss
RSI = 100 - 100 / (1 + RS)
```

RS yathu ndi 1.5 kugawa ndi 0.5, yomwe ndi 3. Ndiye 100 kugawa ndi 4 ndi 25, ndipo 100 kuchotsa 25 ndi 75. RSI ya tsiku la 15 ndi 75, pamwamba pa mzere wa 70.

Fomyulayi imabisa tanthauzo lake pang'ono. Mukaisanja mwanjira ina, masamu ake osasintha, imakhala chonchi:

```
RSI = 100 * AvgGain / (AvgGain + AvgLoss)
```

Yesani: 1.5 kugawa ndi 2.0 ndi 0.75, kuchulukitsa ndi 100 ndi 75 yomwe ija. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mtengo unayenda mtunda wa 28 tikaphatikiza kukwera ndi kutsika, ndipo 21 mwa 28 ameneyo unali wokwera. RSI ya 75 ikungonena kuti magawo atatu mwa anayi a kayendedwe ka posachedwapa anali opita m'mwamba. RSI ya 50 ndiye kuti kukwera ndi kutsika kwalingana. RSI ya 70 ndiye kuti kukwera kwaposa kutsika pafupifupi ka 2.33, ya 80 ndiye ka 4, ndipo ya 30 ndiye kuti kutsika ndi kumene kwaposa ka 2.33.

Kuyambira tsiku la 16 kawerengedwe kamasintha, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasiyana ndi tchati chawo. Wilder sankaphatikizanso masiku 14 atsopano. Ankatenga avareji ya dzulo, kuichulukitsa ndi 13, kuwonjezera nambala ya lero, n'kugawa ndi 14.

```
AvgGain = (AvgGain_prev * 13 + Gain) / 14
AvgLoss = (AvgLoss_prev * 13 + Loss) / 14
```

Tinene kuti tsiku la 16 mtengo watseka pa 113, watsika ndi 1. Ku kukwera, 1.5 kuchulukitsa ndi 13 ndi 19.5, kuwonjezera 0, kugawa ndi 14, tipeza 1.3929. Ku kutsika, 0.5 kuchulukitsa ndi 13 ndi 6.5, kuwonjezera 1 ndi 7.5, kugawa ndi 14, tipeza 0.5357. RS ndi 2.6 ndipo RSI ndi 72.22. Tsiku la 17 mtengo ukatseka pa 117, avareji ya kukwera ifika 1.5791, ya kutsika itsikira pa 0.4974, ndipo RSI ikhala 76.04.

Munthu amene wagwiritsa ntchito avareji wamba, kungotaya tsiku lakale kwambiri n'kuikapo latsopano, pa tsiku la 16 apeza kukwera kwa 19 ndi kutsika kwa 8, ndipo RSI yake ikhala 70.37 m'malo mwa 72.22. Njira imeneyi iliponso, imadziwika kuti RSI ya Cutler, ndipo si yolakwika. Vuto limabwera pamene munthu sakudziwa kuti pulogalamu yake ikutsata njira iti. Kusiyana kwa mapointi awiri pafupi ndi mzere wa 70 kumatha kupangitsa wina kunena kuti wadutsa pomwe mnzake akuona kuti sunadutse. Palinso mapulogalamu amene amagwiritsa ntchito avareji ina yotchedwa EMA ya masiku 14, yomwe imapatsa tsiku la lero kulemera kwa 2/15 m'malo mwa 1/14. Imeneyo imathamanga kwambiri, moti kuti ifanane ndi ya Wilder muyenera kuiika pa 27.

Njira ya Wilder ili ndi khalidwe lina loyenera kulidziwa: siiwala msanga. Kulemera kwa tsiku lililonse kumachepa ndi gawo limodzi mwa 14 tsiku lotsatira, koma sikufika pa ziro. Pakatha masiku 14 avareji yoyambira ija imakhala ikadali ndi kulemera kwa pafupifupi 35 peresenti, pakatha masiku 50 pafupifupi 2.5 peresenti, ndipo pakatha 100 ndi pomwe tinganene kuti yazimiririka. Choncho mukayamba kuwerengera ndi mitengo 15 yokha, nambala yanu idzasiyana ndi ya pa tchati chomwe chinayamba zaka zapitazo, ngakhale simunalakwitse paliponse. Tengani mitengo yosachepera 100 musanayerekeze.

Mu Excel kapena Google Sheets, ikani mitengo yotsekera mu kolamu B kuyambira pa B2, wakale kwambiri pamwamba. Mtengo wa 15 ukhala pa B16.

```
C3:  =MAX(B3-B2,0)
D3:  =MAX(B2-B3,0)
E16: =AVERAGE(C3:C16)
F16: =AVERAGE(D3:D16)
E17: =(E16*13+C17)/14
F17: =(F16*13+D17)/14
G16: =100*E16/(E16+F16)
```

Kokerani C3 ndi D3 mpaka pansi, E17 ndi F17 chimodzimodzi, kenako G16. Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri zimazindikirika ndi nambala yomwe yatuluka. Mukasiya mabokosi opanda kanthu m'malo molemba 0, AVERAGE imawadumpha, ndipo imagawa 21 ndi masiku 9 okwera, 7 ndi masiku 4 otsika. Pa mitengo yathu zimenezi zimapereka 57.14 m'malo mwa 75, nambala yooneka ngati yabwinobwino, n'chifukwa chake cholakwikachi chimakhalitsa osaonedwa. Mukasiya chizindikiro cha kuchotsera pa kutsika, fomyula yoyamba ija ipereka 150, ndipo RSI yoposa 100 kapena yotsika pansi pa 0 ndi umboni wokwanira kuti masamu asokonekera. Mitengo ikabwera yatsopano ili pamwamba inu osaitembenuza, kukwera kusanduka kutsika ndipo mupeza 25. Musafupikitsenso avareji kukhala ya manambala awiri pambuyo pa kadontho, chifukwa ya lero imamangidwa pa ya dzulo ndipo kacholakwika kakang'ono kamatsatira mpaka pansi.

Tsopano funso lenileni: 75 ija ikutiuza chiyani za mawa?

Tiyeni tipitirize ndi mitengo yathu kuchokera pa 114. Tinene kuti kuyambira pamenepo mtengo ukutsika ndi 1 tsiku lina, n'kukwera ndi 3 tsiku lotsatira, mobwerezabwereza. Tsiku loyamba RSI itsikira pa 72.22 monga taonera, lotsatira ibwerera pa 75.19, ndipo m'kupita kwa masiku izingoyenda pakati pa 73.6 ndi 76.4. Pakatha masiku 40 mtengo uli pa 154, ndipo RSI sinatsikepo pansi pa 70 ngakhale tsiku limodzi. Amene anagulitsa pa 114 chifukwa choona overbought wasemphana ndi phindu la 40. Amene anabetcha kuti mtengo utsika, monga zimathekera pa malonda a ndalama zakunja, wataya 40 yemweyo, ndipo ngati anachita malondawo ndi ndalama zobwereka kwa buloka, akaunti yake ikhoza kutsekedwa mtengo usanatembenuke n'komwe. Mu fomyula mulibe kalikonse kokakamiza RSI kubwerera pa 50. Imatsika pokhapokha mtengo wotsekera utatsika. Pa njira ya Wilder, tsiku lomwe mtengo wakwera RSI imakwera kapena kukhala pa 100 ngati inali kale pomwepo, ndipo tsiku lomwe mtengo watsika RSI imatsika. Imatsatira mtengo pambuyo.

Zili ngati kuwerenga mapazi a munthu amene akukwera phiri n'kupeza kuti mwa mapazi khumi, asanu ndi awiri anali opita kumtunda. Mwadziwa kumene akulowera. Simunadziwe ngati watopa, kapena ngati nsonga ya phirilo ili pafupi.

Chachiwiri, RSI siona kukula kwa kusintha poyerekeza ndi mtengo weniweni wa chinthucho. Sheya yomwe yakwera ndi tambala imodzi tsiku lililonse kwa masiku 14 oyambira kuwerengera ili ndi RSI ya 100. Ina yomwe yakwera ndi theka la mtengo wake m'masiku omwewo, koma mogwedezeka kwambiri, ikhoza kukhala pa 65. Mukachulukitsa manambala onse a kusintha ndi 10, RSI siisuntha, chifukwa pamwamba ndi pansi pa fomyula zakula mofanana. Motero mawu akuti sheya yadula sangachokere ku RSI. Kudula kapena kutchipa kwa sheya kumaonedwa poyerekeza mtengo ndi phindu la kampani, ngongole zake, katundu wake ndi dividendi yomwe imapereka, ndipo palibe chimodzi mwa izi chimene chili mu fomyulayi. Kampani ikalengeza phindu lalikulu lomwe anthu sanaliyembekezere, mtengo kudumpha, RSI ifika 85 ndithu, pomwe sheyayo mwina ikadali yotchipa poyerekeza ndi phindu latsopanolo.

Nanga ikuuza chiyani chothandiza? Ikuuza kuti kayendedwe ka posachedwapa kapendekera mbali imodzi, ndipo ikupereka muyeso womwe mungayerekeze pakati pa mwezi uno ndi watha, kapena pakati pa golide ndi sheya ya banki. Phindu lake limadalira mtundu wa msika. Pamene mtengo wakhala ukungozungulira pakati pa malire awiri kwa miyezi, kukwera kufika pamwamba n'kubwerera, RSI ya 70 kawirikawiri imakumana ndi malire apamwambawo, ndipo pamenepo ndi chikumbutso chabwino choti musathamangire kugula. Pamene mtengo waswa malirewo n'kuyamba ulendo wokwera, 70 yomweyo ndi chizindikiro cha mphamvu. Akatswiri monga Andrew Cardwell ndi Constance Brown anaphunzitsa kuti pa msika wokwera RSI imakonda kuyenda chapamwamba, kutsika kwake kumaimira cha m'ma 40 ndipo kukwera kwake kumafika 80 kapena kuposa, pomwe pa msika wotsika imavutika kudutsa 60. Chovuta n'chakuti RSI payokha singakuuzeni kuti muli pa msika wa mtundu uti. Zimenezo muyenera kuziona pa tchati cha mtengo: kodi nsonga iliyonse ikuposa yapitayo, ndipo kodi potsikira paliponse pali pamwamba kuposa papitapo?

Mungathenso kuitembenuza fomyula kuti ikuuzeni mtengo womwe ungasinthe nambalayi, ndipo imeneyi ndi njira yabwino yoonera kuti mzere wa 70 ndi wopyapyala bwanji. Pa tsiku la 15 mtengo uli pa 114. Kuti mawa RSI ifike 70 ndendende, 19.5 kugawa ndi 0.7 ndi 27.86, kuchotsapo 19.5 ndi 6.5 kutsala 1.86. Mtengo ukangotseka pa 112.14, mawu a overbought achoka pa sikirini. Kutsika kosakwana 2 peresenti kwakwanira. Kuti ifike pa 50 tsiku limodzi, mtengo uyenera kugwa ndi 13 mpaka pa 101. Choncho RSI kutsika kuchoka pa 75 kufika pa 69 si kugwa kwa msika, ndi tsiku limodzi lofooka.

Wilder mwini sanadalire mzere wa 70 wokha. Analemba za kusemphana kwa mtengo ndi RSI, komwe pa tchati kumatchedwa divergence, pamene mtengo wafika pa nsonga yatsopano koma RSI yalephera kuposa nsonga yake yakale. Masamu ake ndi osavuta. Kuchokera pa 114 ndi RSI ya 75, mtengo utsike ndi 2 kufika 112, kenako ukwere ndi 3 kufika 115. Mtengo waposa 114, koma RSI ili pa 72.78. Chomwe chachitika n'chakuti kutsika kwa 2 kwanenepetsa avareji ya kutsika. Ndi nkhani yoona kuti ogulitsa ayamba kuonekera, ndipo ndi bwino kuidziwa. Koma kayendedwe ka kutsika 2, kukwera 3 kakapitirira, RSI izitsika pang'onopang'ono mpaka kukhazikika pakati pa 58 ndi 62, mtengo ukukwerabe ndi 1 masiku awiri alionse. Kusemphana kwaoneka, mtengo sunatembenuke. Liwiro lokha ndi lomwe lachepa.

Chizindikiro china chomwe iye ankachiona kuti n'champhamvu ndi failure swing. RSI imadutsa 70, imatsika n'kusiya chigwa, imakweranso koma kulephera kuposa nsonga yoyamba, kenako imatsika kupyola chigwa chija. Ubwino wake ndi woti chimadikira kuti kutsika kuchitikedi. Kuipa kwake ndi komweko: pofika pamenepo mtengo watsika kale ndithu. M'maganizo athu, chizindikirochi n'chothandiza kwambiri kwa amene ali kale ndi masheya ndipo akufuna chifukwa chomveka chochepetsera, kusiyana ndi amene akufuna kubetcha motsutsana ndi msika wokwera.

Nambala ya 14 nayo ndi chisankho cha Wilder, monganso 70 ndi 30. Mukaifupikitsa kukhala 5 kapena 2, RSI izidutsa 70 pafupipafupi chifukwa masiku awiri kapena atatu okwera akwanira. Mukaitalikitsa kukhala 25, izifikako mwa apo ndi apo. Tchati cha ola limodzi chikhoza kuonetsa 78 pomwe cha tsiku chikuonetsa 45, ndipo zonse ndi zoona chifukwa zikuwerengera mitengo yotsekera yosiyana. Kumbukiraninso kuti kandulo yomaliza pa tchati, yomwe imaonetsa mitengo ya nthawi yomwe malonda akadali mkati, sinatseke. RSI yomwe mukuiona masana ikutenga mtengo wa mphindi imeneyo ngati wotsekera, ndipo 72 ya nthawi ya nkhomaliro ikhoza kukhala 66 pofika madzulo. Pa ndalama zakunja, mabuloka ambiri amatseka tsiku 5 koloko madzulo nthawi ya ku New York, pomwe misika yambiri ya kiripito imatseka pakati pa usiku nthawi ya UTC, ndiye anthu awiri akhoza kuona RSI yosiyana pa chinthu chimodzi.

Mitengo yomwe mwalowetsa iyeneranso kukhala yokonzedwa. Kampani ikagawa sheya imodzi kukhala ziwiri, mtengo wa 114 umakhala 57 popanda aliyense kutaya kanthu. Mukapanda kukonza mitengo yakale, fomyula iona kutsika kwa 57 ndipo RSI igwa kuchoka pa 75 kufika pa 23.49 tsiku limodzi, n'kukhala yosokonekera kwa milungu ingapo. Tsiku lomwe sheya yayamba kugulitsidwa popanda ufulu wa dividendi limachita zofananazo, ngakhale mochepera.

Kwa amene amatsatira Malawi Stock Exchange kapena misika ina yomwe malonda ake ndi ochepa, pali msampha wina womwe mabuku olembedwera misika ikuluikulu sautchula kawirikawiri. Sheya imatha kukhala masiku angapo osasintha mtengo. Tsiku lotero kukwera ndi 0, kutsika ndi 0, ndipo avareji zonse ziwiri zimangochulukitsidwa ndi 13/14. Popeza zachepa mofanana, RSI siisuntha ngakhale pang'ono. Mtengo wathu ukaima pa 114 kwa mwezi wathunthu, RSI ikhala pa 75 mwezi wonsewo, ikuonetsa overbought pa sheya yomwe palibe akuigula. Koma pansipansi avareji zija zikufota. Pakatha masiku 30 zimakhala zatsala pafupifupi gawo limodzi mwa 9, ya kukwera ili cha pa 0.16 ndipo ya kutsika cha pa 0.05. Kenako munthu mmodzi agulitse masheya ochepa pa 113. Kutsika kwa 1 komwe kale kunangoisuntha kufika pa 72.22 tsopano kuigwetsa mpaka cha pa 55.

Mtengo wa ndalama womwe umaikidwa ndi banki yaikulu uli ndi vuto lomwelo. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha, dola kukwera ndi 44 peresenti kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Kudumpha kotero kumakankhira RSI pafupi ndi 100, ndipo mtengo ukakhala malo amodzi pambuyo pake RSI imamatirira komweko. Palibe gulu la ogula lomwe latopa pamenepo, chifukwa mtengowo unasintha ndi chilengezo. Pa mitengo ya mtundu umenewu, musanawerenge RSI yang'anani kolamu C ndi D muone kuti mwa mizere 14 yomaliza ndi ingati yomwe ili ndi 0 mbali zonse ziwiri. Ikaposa theka, nambala ya mu kolamu G yapangidwa ndi masiku ochepa kwambiri, ndipo ngati mitengo yonse 15 yoyambira ili yofanana, Excel ingokupatsani #DIV/0! chifukwa palibe choti igawe.